Mmene mungagwirire zopotoka ndi mipata yosalingana pa mokapu ya apu ya pafoni

Mwana wa mlongo wanga wayamba kuphunzira kujambula masikirini a ma apu mu Figma, pulogalamu ya pakompyuta yojambuliramo masikirini otere, ndiye sabata latha anabwera kunyumba kuno ku Kapata ndi laputopu yake kuti ndimuonereko zimene wapanga. Anajambula sikirini ya apu ya chilimba, ija yoonetsa amene asonkha mwezi uno ndi amene sanasonkhe, pamwamba mutu, pansi pake kabokosi kofufuzira dzina, kenako makhadi asanu a mamembala, pansi penipeni batani lolipirira. Mitundu anasankha bwino ndithu, zilembo zikuwerengeka, koma iye mwini akuti, "Amalume, ndikaiona sikundikhalira bwino koma sindikudziwa kuti chalakwika n'chani." Mawu amenewa ndawamva kwa anthu ambiri oyamba kumene, ndipo nthawi zambiri vuto limakhala pa zinthu ziwiri chabe, zinthu sizinaime pa mzere umodzi, komanso mipata yapakati pa zinthu sinalingane. Ndifotokoza mmene tinaifufuzira sikirini ija kuti nanunso mukapatsidwa mokapu ya munthu wophunzira, ndiye kuti chojambula choonetsa mmene sikirini ya apu idzaonekere isanapangidwe, mudziwe poyambira, osangomuuza kuti "konza, siikuoneka bwino" chifukwa mawu amenewo samuthandiza chilichonse.

Musanagwire mausi yambani mwaiona patali. Ichepetseni sikirini yonse ikwane pa laputopu, bwererani kumbuyo pang'ono, kenako tsinzinani pang'ono mpaka zilembo zisiye kuwerengeka, mutsale mukuona madontho ndi mabokosi basi. Cholinga chake n'chakuti ubongo usiye kuwerenga mawu uyambe kuona mmene zinthu zakhalira. Pa mokapu ija nditatero ndinaona kuti mbali yakumanzere ikuyenda mokhotakhota, komanso makhadi awiri apakati akuoneka ngati amamatirana pomwe enawo atalikirana. Apa musakonze kanthu, ingosungani m'mutu malo amene diso lakayikira. Diso limatha kukuuzani kuti pena pake palakwika koma silingakuuzeni kuti palakwika ndi mapikiselo angati, timadontho tija timene timapanga chithunzi pa sikirini, zimenezo ndi ntchito ya manambala.

Chachiwiri ndi mzere wakumanzere, ndipo apa ndipamene ndimathera nthawi yambiri. Mukaona amisiri akumanga khoma amakoka chingwe kuchokera kona ina kufika kona ina, njerwa iliyonse iyenera kukhudza chingwe chija, palibe amene amangoyeza ndi maso olo atakhala kuti wamanga zaka zambiri bwanji. Sikirini nayo ili ndi chingwe chake. Timawerenga kuchokera kumanzere, ndiye diso likamaliza mzere limabwerera kumanzere kukafuna poyambira, likapeza kuti poyambirapo pasuntha limavutika ngakhale mwini diso sakudziwa chifukwa chake. Mu Figma dinani Shift+R kuti marula aoneke m'mbali, kokani mzere kuchokera pa rula yakumanzere muuimike pa 16. Chifukwa chiyani 16? Malangizo a Material Design a Google amaika mpata wa 16 m'mbali mwa sikirini ya foni, ndipo ma apu ambiri a Android amene muli nawo m'foni mwanu amatsatira zimenezo. Wina atha kusankha 20 kapena 24, palibe mlandu, chachikulu n'chakuti akasankha nambala ikhale yomweyo kuchokera pamwamba mpaka pansi.

Manje dinani chinthu chilichonse chimodzichimodzi muziona kabokosi ka X kudzanja lamanja, X ndiye akukuuzani kutalika kwa chinthucho kuchokera kumphepete yakumanzere. Fulemu ya mwana uja, bokosi limene anajambulamo sikirini yonse, inali 360 m'lifupi ndi 800 m'litali. Mutu unali pa X 16, kabokosi kofufuzira pa 18, makhadi pa 20, batani lapansi pa 24. Zinthu zinayi, mizere inayi yosiyana, kusiyana kwake kochepa kwambiri moti sungaloze ndi chala koma kokwanira kuti sikirini yonse ioneke ngati yosasamalidwa. Ine ndimati kusiyana kwa mapikiselo awiri n'koipa kuposa kwa mapikiselo makumi awiri, chifukwa kwakukulu kumaoneka kuti munthu wachitira dala pomwe kwakung'ono kumangooneka kuti dzanja linaterereka.

Pali kamsampha kamodzi pa X kamene kamasokoneza anthu. Chinthu chikakhala mkati mwa fulemu ina, monga dzina la membala limene lili mkati mwa khadi, X wake amawerengera kuchokera kumphepete ya khadilo osati ya sikirini yonse. Ndiye musadabwe mukaona dzina likulemba X 72 pomwe pa rula likuoneka pa 88, palibe cholakwika, 16 winayo ndi wa khadi. Chofunika ndi kuyerekeza dzina la m'khadi loyamba ndi la m'khadi lachiwiri, lachitatu, mpaka lomaliza, onse anene nambala imodzi. Mukaona nambala ya madontho ngati 16.43 dziwani kuti chinthucho anachikoka ndi dzanja n'kungochisiya pamene chagwera, ilembeni nambala yathunthu m'kabokosimo, chifukwa mzere umene wagwera pakati pa mapikiselo umatuluka wachimbuuzi.

Mukamaliza kumanzere musaiwale kumanja, anthu ambiri amaiwala. Masamu ake ndi apulayimale. Sikirini ndi 360, mukachotsa 16 uku ndi 16 uku patsala 328, ndiye chilichonse chodzaza sikirini m'lifupi chiyenera kukhala ndi X 16 ndi W 328, W ndiye muyezo wa m'lifupi. Makhadi aja W anali 328 bwinobwino koma poti anayambira pa 20 anathera pa 348, kumanja kunatsala 12 chabe pomwe kumanzere kuli 20, n'chifukwa chake mndandanda wonse unkaoneka ngati watsamira mbali imodzi. Batani ndiye linali loipitsitsa, X 24 W 300, kutanthauza kuti kumanja kwatsala 36. Iye ankaganiza kuti lili pakati. Batanilo tinangolipatsa X 16 ndi W 328 kuti lifanane ndi makhadi, ndipo sikirini inasintha nthawi yomweyo tisanakhudze china chilichonse. Ngati muli ndi zinthu zingapo zofunika kuima pamzere umodzi, zisankheni zonse mudine Alt+A, zonse zithamangira kumzere wa chimene chili kumanzere kwenikweni.

Chachitatu ndi mipata yochokera pamwamba kupita pansi. Dinani khadi loyamba, gwirani Alt osasiya, kenako yendetsani mausi pamwamba pa khadi lachiwiri, Figma ikuonetsani nambala yofiira ya mpata umene uli pakati pawo, pa Mac batani lake ndi Option. Tengani pepala muzilemba nambala iliyonse, musadalire mutu. Ife tinapeza 12, 15, 9 ndi 14 pakati pa makhadi asanu aja. Makhadiwo ndi amtundu umodzi, akugwira ntchito imodzi, ndiye mpata uyenera kukhala umodzi. Ndinamufunsa kuti 9 uja anamusankha bwanji, anati sanasankhe, anangokopera khadi n'kulikokera pansi mpaka pamene anaona kuti pali bwino. Ndi mmene mipata yosalingana imabadwira nthawi zonse.

Mankhwala ake ndi kukhala ndi manambala ochepa amene mwagwirizana nawo ntchito isanayambe. Ojambula ma apu ambiri amayendera masitepe a 8, ndiye kuti 8, 16, 24, 32, n'kuwonjezapo 4 pa tinthu tating'ono kwambiri. Ubwino wa 8 ndi woti amagawika bwino pakati, komanso mafoni akamakulitsa zinthu molingana ndi masikirini awo, kaya kuchulukitsa ndi 1.5 kaya ndi 2, nambala imatulukabe yathunthu. Pofufuza mokapu zimakhalanso zophweka, mukangoona 9, 13 kapena 15 mwadziwiratu kuti pamenepo panalibe ganizo. Kanthu kena kothandiza, mu Figma mukadina Shift ndi muvi chinthu chimasuntha mapikiselo 10, koma mutha kulowa mu Preferences pa Nudge amount n'kusintha Big nudge akhale 8, kuyambira pamenepo dzanja lanu liziyendera masitepe omwewo lokha.

Koma kulinganiza mipata si kunena kuti mpata uliwonse pa sikirini ukhale wofanana ayi, ndipo mfundo iyi ndi imene ndimafuna wophunzira aigwire kuposa zina zonse. Mpata umalankhula. Zinthu zoyandikana diso limaziwerenga kuti ndi zapamodzi, zotalikirana limati n'zosiyana. Pitani ku Saturday Market muone mmene amayi amaikira milu ya tomato, tomato wa mulu umodzi wakhudzana, pakati pa mulu ndi mulu pali mpata, palibe amene amafunsa kuti tomato uyu ali mulu uti. Atati ayale tomato yense motalikirana mofanana bwenzi wogula aliyense akukangana nawo. Ndiye lamulo lake ndi ili, mpata wamkati mwa gulu ukhale wocheperapo kuposa mpata wapakati pa magulu.

Pa mokapu ija lamuloli linathyoledwa pawiri. Panali kamutu kolembedwa kuti Amene sanasonkhe, pamwamba pake mpata 10, pansi pake mpata 22. Ndiye kamutuko kanayandikira makhadi a anthu amene asonkha kale, kakutalikirana ndi anthu amene kakuwanena. Taganizani mayi wasonkha ndalama yake pa nthawi, atsegula apu n'kuona mawu oti sanasonkhe ali pansi penipeni pa dzina lake, mkangano umene ungabuke pagulu si waung'ono, ndipo chonsecho chifukwa cha mapikiselo khumi ndi awiri. Tinatembenuza, pamwamba 24 pansi 8, kamutu kanabwerera kwa eni ake. Kwina kunali mkati mwa khadi, dzina la membala ndi tsiku limene analipira zinatalikirana 14 pomwe khadilo ndi linzake zinatalikirana 9, ndiye tsikulo linkaoneka ngati likulendewera lokha, losadziwika mwini. Tinaika 4 pakati pa dzina ndi tsiku, 8 pakati pa makhadi, 24 pakati pa zigawo. Mukafika pa kamutu kalikonse kapena mawu ofotokoza kabokosi kolembamo, yezani pamwamba ndi pansi, wapansi akhale wamng'ono nthawi zonse.

Poyeza mawu samalani pang'ono, Figma simayeza kuchokera pa chilembo chenichenicho, imayeza kuchokera pa bokosi limene mawuwo akhalamo. Zilembo za saizi 16 zokhala ndi Line height 24, ndiye kuti kutalika kwa mzere wa mawu, zimakhala ndi kampata kowonjezera pamwamba ndi pansi mkati mwa bokosilo, ndiye nambala yofiira ikati 8 diso liona mpata wokulirapo. Choipa kwambiri ndi pamene wophunzira wakoka bokosi la mawu kukhala lalikulu kuposa mawu ake, mawu mzere umodzi koma bokosi lotalika 60, ndiye manambala onse akunama. Mukaona kuti nambala ikuti zili bwino koma diso likukana, dinani mawuwo muone bokosi lake lafika pati, n'kulisintha likhale Auto height kapena Auto width kuti likumbatire mawu ake. Apa diso ndi nambala zimathandizana, china chikakana funsani chinzake.

Chachinayi lowani mkati mwa khadi limodzi mulikulitse bwino. Yezani kuchokera kumphepete ya khadi kufika pa zamkati, mbali zonse zinayi. Khadi lija linali ndi kachithunzi kozungulira ka membala ka 40, pamwamba pake mpata 10 pansi pake 22, ndiye kankaoneka ngati kakuyandama. Khadi lotalika 72 lokhala ndi kachithunzi ka 40 limatsala ndi 32, mugawe pakati, 16 pamwamba 16 pansi. Sankhani kachithunzi ndi gulu la mawu pamodzi mudine Alt+V kuti pakati pawo palingane. Onaninso mabatani, mawu a m'batani akhale pakati penipeni, woyamba kumene amakonda kujambula bokosi payekha n'kuika mawu pamwamba pake ndi dzanja, ndipo mawuwo amatsika kapena kukwera ndi mapikiselo awiri atatu.

Ndalama zili ndi nkhani yakeyake. Iye anaika K50, K350 ndi K1,200 pakati pa kadanga kawo, iliyonse ikuyambira pake n'kuthera pake. Aliyense amene anasungapo buku la chilimba kapena la kantemba akudziwa kuti manambala timawalemba mayunitsi pansi pa mayunitsi, mateni pansi pa mateni, kuti ukatsetsereka ndi diso uone msanga yaikulu ndi iti. Pa sikirini chimodzimodzi, ndalama zonse zitsamire kumanja, zithere pa mzere umodzi, 16 kuchokera kumphepete ya khadi. Komanso ngati ina mwailemba K50.00 zonse zikhale ndi mangwee ake, osasakaniza. Za mawu oikidwa pakati ndingonena mwachidule, mutu waufupi kapena mawu a m'batani atha kukhala pakati, koma ndime ya mizere itatu ikhale kumanzere, ndipo sikirini imene yasakaniza mutu pakati, mawu kumanzere, batani kumanja popanda chifukwa imatopetsa maso.

Chachisanu ndi chala. Laputopu imanamiza chifukwa mausi ali ndi nsonga yakuthwa pomwe chala chachikulu cha munthu n'chonenepa. Material Design imati malo odina asachepere 48 ndi 48, a Apple amati 44 ndi 44. Aikoni yokha, kachizindikiro kodina kaja, itha kukhala 24, palibe vuto, koma malo ozungulira amene chala chingakhudze akwane 48. Pa khadi lililonse mwana uja anaika tiaikoni tiwiri, kena koimbira membala foni kena komuchotsa pagulu, tonse ta 24 ndipo pakati pake mpata 6. Ndinamuuza kuti, "Iwe, taganiza agogo ako ali mu minibasi ya ku Katete, galimoto ikudumpha, akufuna kuimbira munthu koma chala chagwera pa kochotsa." Anaona yekha kuti sizingatheke. Kochotsako tinakasamutsira mkati mwa tsamba la membala, pakhadi panatsala koimbira kokha ndi malo ake okwanira. Batani lolipirira nalo linali lalitali 32, tinalikweza kufika 48, n'kulisiyira mpata wa 16 pansi kuti lisakanikizane ndi timabatani ta foni tapansi tija. Pamwambanso onani ngati wasiya malo a kamzere koonetsa nthawi, netiweki ndi batire, ambiri amaiwala ndipo mutu umakakhala pansi pa wotchi.

Zonsezi zikatha itumizeni pafoni yeniyeni, kaya kudzera pa apu ya Figma kaya mungoitulutsa ngati chithunzi n'kuitsegula sikirini yonse. Musayesere pa foni yaikulu yodula yokha, pezani ka Itel kapena Tecno kamene anthu ambiri kuno ali nako, muigwire ndi dzanja limodzi, mutuluke nayo panja padzuwa. Pamenepo timizere totuwa tolekanitsa makhadi timasowa, ndipo ngati mipata yanu sinakonzeke bwino zonse zimasanduka phala limodzi, pomwe mipata ikakhala yabwino magulu amaonekabe olo mizere isaoneke. Ngati munthu wakutumizirani chithunzi chabe pa WhatsApp, mulibe fayilo yake, tengani pepala kapena khadi la kubanki muligoneke pa sikirini motsatira mphepete yakumanzere ya mutu, chilichonse chimene chabisika kapena chatalikira m'mphepete mwa pepalalo chachoka pa mzere. Si muyezo weniweni koma zikuluzikulu mumazigwira.

Kuyesa komaliza kumene ndimachita ndi kusintha mawu. Oyamba kumene amaika mayina aafupi okongola kuti khadi lioneke bwino, koma mayina athu ena ndi aatali, ndipo pa chilimba anthu amalembedwa kuti amake uje kapena atate ake a uje. Lembani dzina lalitali muone chichitike n'chani. Pa mokapu ija dzinalo linakwera pamwamba pa ndalama, K1,200 osaonekanso. Chimodzimodzi batani lolembedwa Pay likadzasanduka Lipirani chilimba, kodi mawuwo akwana? Apa ndipamene ndinamuonetsa Auto layout, kusankha zamkati mwa khadi n'kudina Shift+A, kenako kulemba mpata wapakati ndi wam'mbali kamodzi kokha, Figma n'kumasunga yokha manambalawo ngakhale mawu atalike. Makhadi asanu aja tinawaikanso mu Auto layout imodzi yotsika pansi ya mpata 8, moti 12, 15, 9 ndi 14 uja sangabwerenso olo awonjezere membala wachisanu ndi chimodzi. Sindinayambe ndi Auto layout dala, ndinafuna ayambe wayeza yekha ndi Alt aone manambala oipawo ndi maso ake, chifukwa munthu amene sanaonepo vutolo amangolemba 13 mu Auto layout n'kumapitirira.

Pomuuza wophunzira zimene mwapeza mupatseni manambala ndi malo, monga kuti makhadi ali pa X 20 abwere pa 16, kamutu kachiwiri pamwamba pakhale 24 pansi 8, ndalama zitsamire kumanja. Ine ndinakopera fulemu yake n'kuiika pambali, yakale kumanzere yatsopano kumanja, ndipo zokonzazo ankadina yekha ine ndikungoloza. Zinatitengera ngati theka la ola. Tsiku lotsatira ananditumizira sikirini yachiwiri, ya kalembera wa membala watsopano, mzere wakumanzere unali pa 16 ponseponse, chimene chinatsala ndi mawu ofotokoza timabokosi tolembamo, anawaika pakati penipeni, 12 pamwamba 12 pansi, ndiye ndamuuza ayezenso Loweruka abwere nayo.